Kalata yolonjerera ngongole: lembani zokhazo zimene muli nazo umboni

"Ndine kalipentala ku Kasungu. Mu Seputembala ndinapereka madesiki 60 kusukulu ina yapulaiveti pa mtengo wa K85,000 desiki imodzi. Anandipatsa dipoziti ya K2,000,000, yotsala anati amaliza kumapeto kwa Okutobala. Mu Disembala ku akaunti yanga kunalowa K582,000, kuchoka apo zii mpaka Malichi uno. Ndikaimba foni amangoti madesiki 4 akugwedera. Matabwa ndinagula ndi ndalama ya katapila ya 20 peresenti pamwezi. Ndikufuna kuwalembera kalata kuti alipire zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chimenechi, apo ayi ndikawanenera kupolisi, ndikatenga madesiki anga ndi kuwayalutsa pa Facebook. Ndiilembe bwanji?"

Bambo, mkwiyo wanu ndi womveka, ndipo kalatayo muyeneradi kuilemba sabata yomwe ino. Koma pa zinthu zinayi zimene mwakonza kuikamo, palibe ngakhale chimodzi chimene ndingakulangizeni kuti chikhalemo. Musaone ngati ndikuikira kumbuyo mwini sukulu. Kalata yolonjerera ngongole imakhala ndi owerenga awiri. Woyamba ndi amene akukusungirani ndalamayo. Wachiwiri ndi woweruza amene mwina adzaiona miyezi ingapo kutsogoloku, itaphatikizidwa ku mapepala a mlandu. Mukamalemba muziganizira onse awiriwa. Wangongole azipeza kuti palibe chiganizo chimene angachitsutse, ndipo woweruza azipeza munthu amene anapempha zake zokha, mwaulemu, ndi kupereka mpata wokwanira.

Tiyambe ndi ndalama, chifukwa makalata ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono amagwera pamenepa. Madesiki 60 pa K85,000 ndi K5,100,000. Mukachotsa dipoziti patsala K3,100,000. Kufika apa palibe vuto. Chimene chandikopa maso ndi K582,000 ija. Munthu wobweza ngongole pang'onopang'ono kawirikawiri amatumiza ndalama yozungulira, K500,000 kapena K600,000. Nanga iyi yachokera kuti? Mukachotsa 3 peresenti pa K600,000, yomwe ndi K18,000, mupeza K582,000 ndendende. Mlingo wa 3 peresentiwu ndi umene kwa zaka zambiri mabungwe ndi mabizinesi akhala akudula ngati msonkho wa MRA akamalipira munthu amene wawapatsa katundu, pokhapokha munthuyo atasonyeza setifiketi yoti asadulidwe. Choncho n'kutheka kwambiri kuti m'mabuku a sukuluyo munalembedwa kuti anakulipirani K600,000, ndipo K18,000 anaisunga kuti akaipereke ku MRA m'dzina lanu.

Kusiyana kwake kukuoneka kochepa, koma taonani zimene kumachita. Inu mukalemba kuti ngongole ndi K2,518,000, akauntanti wa sukulu ayankha ndi chiganizo chimodzi chokha chakuti chiwerengero chanu n'cholakwika. Akhala atanena zoona. Kuchoka apo nkhani siikhalanso yoti alipira liti, isanduka yoti tiyambe tagwirizana kaye pa masamu, ndipo mwezi wina upita. Njira yabwino ndi kulemba K2,500,000 ngati ngongole, kenako n'kuwonjezera kuti K18,000 ija mwaiwerengera ngati msonkho wodulidwa, ndipo mukufuna setifiketi ya msonkhowo. Ikapanda kubwera, ndalamayo ibwerera pa ngongole. Setifiketi imeneyi musainyozere, chifukwa ndi imene imachepetsa msonkho wanu mukamakonza za ku MRA. Mudziwiretunso kuti akadzalipira yotsalayo mwa njira yomweyi adzadula K75,000, ndipo ku akaunti kudzalowa K2,425,000. Mukadzaona chiwerengero chimenechi musadzathamangire kuti akuberani, mudzangoitanitsa setifiketi ina.

Musanagwire cholembera, yalani patebulo mapepala onse amene muli nawo: kotesheni imene munawapatsa, oda yawo ngati analemba, invoyisi, delivale noti imene munthu wa kusukulu anasaina tsiku limene lole inatsitsa madesiki, lisiti ya dipoziti, sitetimenti ya kubanki yoonetsa ya mu Disembala ija, ndi mauthenga a pa WhatsApp. Chilichonse chimene chilowe m'kalata chikhale ndi pepala lake pa muluwo. Chimene chilibe pepala, monga mawu amene munauzana mutaimirira pageti, mukhoza kuchitchula ngati munthu wina analipo, koma kalata isatsamire pa icho. Mauthenga a pafoni musawaone ngati opanda pake. Chikhazikitsireni lamulo la 2016 loona za kutumizirana mauthenga ndi kuchita malonda pa makina, uthenga wotere ukhoza kulandiridwa ngati umboni. Muwajambule moonetsa nambala ndi tsiku, muwasindikize, ndipo foniyo musafufutemo kanthu.

Pa muluwo funani chinthu chimodzi mwapadera: pamene panalembedwa tsiku lolipira. Ngati pali uthenga wakuti "timaliza kumapeto kwa Okutobala", muli pabwino, ndipo m'kalata mulemba kuti ndalamayo inayenera kulipidwa pofika pa 31 Okutobala. Koma ngati mawu enieni anali akuti "tikatolera fizi tikuonani", musawasinthe kuti akhale tsiku. Lembani kuti katundu anaperekedwa pa tsiku lakuti, invoyisi inaperekedwa pa tsiku lakuti, ndipo papita miyezi yakuti. Pamene anthu sanapangane tsiku, lamulo la kugula ndi kugulitsa katundu limati kupereka katundu ndi kulipira zimayendera limodzi, choncho kusowa kwa tsiku sikukulepheretsani kuitanitsa ndalama yanu. Chimene chingakupwetekeni ndi kupeka tsiku limene palibe analitchula.

Funso lotsatira ambiri amalidumpha: kodi wangongole wanu ndani kwenikweni? Inu mumati "eni sukulu", koma pamaso pa lamulo pali kusiyana. Ngati sukuluyo ndi kampani yolembetsedwa, imene dzina lake limathera ndi mawu akuti Limited, ngongole ndi ya kampaniyo. Si ya dayilekitala payekha, si ya ahedi, si ya akauntanti amene anasaina delivale noti. Kalata ipite ku kampaniyo m'dzina lake lonse, kudzera mwa dayilekitala. Mukalemba kuti "inuyo bambo muli ndi ngongole yanga" pamene amene anagula ndi kampani, mwamupatsa yankho losavuta. Ngati sukuluyo ndi dzina chabe la bizinesi ya munthu mmodzi, ndiye kuti ngongole ndi ya munthuyo, ndipo mulemba dzina lake kenako "wochita bizinesi m'dzina lakuti". Mungazizindikire poona chidindo chimene chili pa oda kapena pa delivale noti, mutu wa makalata awo, ndi dzina la akaunti imene inatumiza K582,000 ija pa sitetimenti yanu. Zikasemphana, kafufuzeni ku kaundula wa makampani ndi mabizinesi. Mbali yanu ndi chimodzimodzi: dzina limene lili pa invoyisi likhale lomwelo limene likuitanitsa ndalama. Ndingotchulako apa kuti ikanakhala sukulu ya boma njira ikanasintha, chifukwa musanasumire boma mumayenera kupereka chidziwitso cholembedwa kwa loya wamkulu wa boma ndi kudikira miyezi 3. Yanuyi ndi yapulaiveti, zimenezo sizikukukhudzani.

Tsopano madesiki 4 aja. Ndikudziwa kuti mukuwaona ngati chozembera, ndipo mwina ndi chozemberadi. Komabe musawasiye kunja kwa kalata. Mukakhala chete pa iwo, yankho la sukulu lidzangokamba za iwo okha, ndipo woweruza adzadabwa kuti bwanji munabisa dandaulo limene munalimva. Atchuleni nokha, muwaike pa mlingo wawo weniweni. Madesiki 4 pa K85,000 ndi K340,000. Ngakhale titati onse anayi ndi otayika, zomwe n'zokayikitsa pa desiki yongogwedera, K2,160,000 itsalabe yopanda mkangano uliwonse. Munthu amene analandira katundu, n'kumugwiritsa ntchito miyezi 6 osamubweza, lamulo limamuona kuti anamuvomereza. Ngati wina mwa katunduyo ali ndi vuto, akhoza kupempha kuti mtengo utsike molingana ndi vutolo, koma alibe ufulu wogwira ndalama ya madesiki 56 amene ana akukhalira tsiku ndi tsiku.

M'kalata, musavomere kuti madesikiwo munawapanga molakwika, popeza simunawaone, ndipo desiki imene yakhala m'kalasi matemu awiri ikhoza kugwedera pa zifukwa zambiri. Musakanenso mwamtudzu. Nenani kuti dandaulolo munalimva pafoni, silinabwere molembedwa, ndipo muli okonzeka kubwera tsiku lakuti kudzawaona ndi kukonza chilichonse chimene chili vuto la kapangidwe, osalipiritsa. Kunyamula guluu, misomali ndi hamala n'kutaya theka la tsiku kusukuluko ndi mtengo wochepa kwambiri pochotsa chifukwa chokhacho chimene akupereka. Ndipo mukapitako, wina asaine kapepala kosonyeza kuti mwakonza.

Chiwongoladzanja ndi pamene pakupwetekani kwambiri, ndipo ndi pamene ndikukanizani molimba. Pa K2,500,000, 20 peresenti pamwezi ndi K500,000, ndipo pa miyezi 4 ndi K2,000,000. Kalata yanu ikanati sukulu ilipire K4,500,000. Funso limene loya wawo angafunse ndi limodzi: anavomera kuti zimenezi? Pangano lanu ndi wakatapila ndi la anthu awiri inu, sukulu siinasainepo ndipo mwina siinkadziwa n'komwe. Chiwongoladzanja mungachiitanitse ngati ngongole pokhapokha chili m'pangano, kutanthauza kuti chinalembedwa pa kotesheni kapena pa chikalata chimene iwo anavomera ntchito isanayambe. Mawu amene mwangowadinda pansi pa invoyisi katundu ataperekedwa kale sasanduka pangano pa iwo okha. Izi sizikutanthauza kuti kuchedwa kwawo n'kwaulere. Khoti likhoza kulamula chiwongoladzanja pa ngongole ya malonda ngati mwachipempha m'mapepala a mlandu, koma mlingo wake limaika ndi khotilo, ndipo limayang'ana mitengo ya kubanki, osati ya katapila. Choncho m'kalata mungonena kuti nkhaniyi ikapita kukhoti mudzapemphanso chiwongoladzanja ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Chiganizo chimenechi n'choona, ndipo dayilekitala aliyense wodziwa kuwerengera amachimva kulemera kwake.

Pa chifukwa chomwechi, musaonjezere ndalama ya thiransipoti ya maulendo amene munapita kukalonjerera, mayunitsi a foni, kapena peresenti ya "kutolera ngongole" imene mwina munaiona pa kalata ya loya. Malipiro a maloya ali ndi malamulo awoawo, ndipo munthu wamba sangawakopere pa kalata yake. Ngati bizinesi yanu siinalembetse VAT, musaike VAT. Mtengo wa matabwa ngati wakwera kuchokera mu Seputembala, musasinthe mtengo wa desiki. Ndikudziwa kuti K2,500,000 ya lero siigula zimene ikanagula mu Okutobala, ndipo n'zowawa, koma mankhwala ake ndi chiwongoladzanja cha kukhoti chija, komanso kulemba mlingo wa chiwongoladzanja pa kotesheni ya ntchito yotsatira.

Za apolisi: kulephera kapena kuchedwa kulipira ngongole si mlandu wa upandu, ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri imene imathera kukhoti la milandu ya chipukuta misozi ndi ngongole. Mlandu wopeza katundu mwachinyengo ulipo, koma umafuna bodza lochitidwa dala pofuna kupeza katunduyo, monga munthu kunama kuti ali ndi sukulu pamene alibe, kapena kukuonetsani lisiti yabodza ya kubanki kuti mutsitse katundu. Lonjezo lakuti ndidzalipira likapanda kukwaniritsidwa silikhala chinyengo pa lokha. Munthu amene anapereka dipoziti ya K2,000,000 n'kuwonjezera ina mu Disembala n'kovuta kumuonetsa ngati wakuba. Choopsa china n'chakuti malamulo a milandu ya upandu amaletsa kufuna ndalama kapena katundu kwa munthu pomuopseza kuti umuneneza mlandu. Mukalemba kuti "lipirani apo ayi ndikumangitsani", mwasaina nokha pepala limene likhoza kukutembenukirani.

Kukatenga madesiki nakonso sikungatheke. Wogulitsa amene sanalipidwe ali ndi ufulu wogwira katundu pamene katunduyo akadali m'manja mwake. Akangomupereka pa ngongole, umwini umapita kwa wogula, pokhapokha mutalemberana poyamba kuti katunduyo akhalabe wanu mpaka ndalama yonse italipidwa. Inu chimene mwatsala nacho ndi ufulu pa mtengo wake. Kulowa pasukulu ndi anyamata ndi lole n'kuyamba kutulutsa madesiki m'makalasi kungakupezetseni milandu ingapo tsiku limodzi. Amene amalanda katundu wa wangongole ndi masherifu, ndipo amatero khoti litagamula kale n'kupereka chilolezo. Ndipo taganizirani ngati wamalonda: madesiki amene ana akhala akuwalemba ndi kuwakanda kwa miyezi 6 mungawagulitse zingati?

Facebook ndiye ndingonena mwachidule. Sukulu imadya ndi mbiri yake. Mukalemba poyera kuti ndi akuba, iwo akhoza kukusumirani mlandu woipitsa mbiri, ndipo ndalama imene angafune ikhoza kuposa ngongole yanu. Lamulo la 2016 lija lilinso ndi milandu ya kuzunza munthu ndi mauthenga. Kalatayo musaitumizenso kwa makolo, kwa aphunzitsi kapena ku gulu la pa WhatsApp la m'dera. Ipite kwa wangongole yekha.

Mwina mukufunsa kuti mukachotsa zonsezi m'kalata mutsala mphamvu yanji. Mutsala tsiku lomaliza ndi chinthu chimodzi chimene mudzachitadi tsikulo likadutsa. Kalata yolembedwa pa 3 Malichi ikhoza kuoneka motere, mutaika pamwamba dzina la bizinesi yanu, keyala, nambala ya foni ndi tsiku lonse mpaka chaka:

"Kwa Dayilekitala, (dzina lonse la kampani ndi keyala yake).

NGONGOLE YA K2,500,000 PA INVOYISI NAMBALA (yakuti)

Pa 9 Seputembala tinapereka kusukulu yanu madesiki 60 pa mtengo umene tinagwirizana wa K85,000 desiki imodzi, onse pamodzi K5,100,000. Katunduyo analandiridwa ndi kusainiridwa pa delivale noti nambala (yakuti).

Talandira K2,000,000 pa (tsiku) ndi K582,000 pa (tsiku). Ndalama yachiwiriyi taiwerengera ngati K600,000, poganiza kuti K18,000 inadulidwa ngati msonkho. Tikupempha setifiketi ya msonkhowo. Ikapanda kuperekedwa, K18,000 imeneyi ionjezeredwa pa ngongole.

Yotsala ndi K2,500,000, imene mu uthenga wanu wa pa (tsiku) munati mudzalipira pofika kumapeto kwa Okutobala. Mpaka lero siinalipidwe.

Pa foni munatchula kuti madesiki 4 akugwedera. Tili okonzeka kubwera pa 7 Malichi kudzawaona ndi kukonza popanda malipiro vuto lililonse la kapangidwe. Mtengo wa madesiki 4 ndi K340,000, ndipo nkhani imeneyi siikukhudza ndalama ya madesiki 56 otsalawo.

Tikupempha kuti K2,500,000 ikhale italowa mu akaunti (banki, dzina ndi nambala) pofika pa 17 Malichi. Ngati pali mbali ya chiwerengerochi imene simukugwirizana nayo, tilembereni tsikuli lisanafike, mutchule mbaliyo ndi chifukwa chake.

Ndalamayi ikapanda kulipidwa pofika tsikuli, titengera nkhaniyi kukhoti popanda chidziwitso china, ndipo tidzapemphanso chiwongoladzanja ndi ndalama zoyendetsera mlandu.

Taphatikiza makope a invoyisi, delivale noti ndi sitetimenti ya kubanki."

Pansi pake musaine, mulembe dzina ndi udindo wanu. Yonse ikwane tsamba limodzi. Onani kuti mulibe nkhani ya katapila, ya lendi ya shopu, kapena ya anyamata anu amene sanalandire malipiro. Zonsezo n'zoona, koma mukazilemba mukuuza wangongole kuti mwapanikizika, ndipo munthu wopanikizika amalandira theka n'kuthokoza. Mulibenso mawu ngati "mwachinyengo", "mwadala" kapena "mulibe umunthu", chifukwa zimene zili mumtima mwa munthu simungaziikire umboni. Ndaika tsiku lenileni, 17 Malichi, osati "pasanathe masiku 14", kuti pasakhale kukangana kuti kuwerenga kunayamba tsiku lolemba kapena lolandira. Masabata awiri ndi mpata woyenera pa ndalama yotere. Masiku awiri kapena atatu amaoneka ngati ukali chabe, ndipo inu nomwe simungakhale mutakonzeka kusuma. Sindinatchulenso dzina la khoti. Makhoti a majisitireti ali ndi malire a ndalama imene angaweruze malinga ndi udindo wa majisitiretiyo, ndipo yopitirira malirewo imapita ku Khoti Lalikulu, limene lili ndi nthambi yoona milandu ya zamalonda. Pa K2,500,000 muyambe mwafunsa kalaliki wa khoti kapena loya kuti mlandu wanu ukalowera kuti ndipo udya zingati. Zimenezi muchite musanatumize kalata, kuti chiganizo chomaliza chija mukachilemba mukhale mukudziwa mtengo wake.

Chenjezo limodzi kwa amene amakopera makalata a anzawo. Pamwamba pa makalata ena a maloya pamalembedwa mawu akuti Without Prejudice, ndipo anthu amawaika poganiza kuti akulimbitsa kalata. Mawuwa ntchito yake ndi ya makalata okambirana zogwirizana, kuti zimene mwalolerana pokambirana zisadzaonetsedwe kukhoti. Kalata yolonjerera ngongole mukufuna kuti idzaonetsedwe, choncho musawaikepo. Chilankhulo chilichonse chimene nonse mumamva n'chololeka. Ya Chichewa ikadzafika kukhoti idzafunika kumasuliridwa, popeza zolemba za khoti zimasungidwa m'Chingerezi, choncho ngati kotesheni ndi invoyisi zili m'Chingerezi ndi bwino kalata itsatire zomwezo.

Kapereke nokha kapena mutume munthu wamkulu wodalirika, ndi makope awiri. Imodzi isiyidwe ku ofesi, inayo wolandira asaine, alembe dzina, tsiku ndi nthawi, adinde chidindo cha sukulu, mubwerere nayo. Akakana kusaina, musakangane. Isiyeni patebulo, ndipo amene wakapereka kalatayo alembe pa kope yanu kuti inasiyidwa kwa munthu wa udindo wakuti pa nthawi yakuti. Tsiku lomwelo mujambule kalatayo n'kuitumiza pa WhatsApp kapena pa imelo ya dayilekitala. Makope a mapepala okha ndi amene apite, enieniwo akhale m'fayilo kwanu. Kenako foni muisiye. Kuimba m'mawa ndi madzulo kalata itapita kumaichotsa ulemu.

Yankho limene limabwera kawirikawiri ndi lopempha kulipira pang'onopang'ono, ndipo pa sukulu silikhala lopanda nzeru, chifukwa ndalama zawo zimalowa temu ikamayamba ndipo mu Malichi m'thumba mumakhala mopepuka. Musalikane msanga, poti mlandu wa kukhoti umadya nthawi ndi ndalama, ndipo ku Khoti Lalikulu milandu yambiri yotere imayamba yadutsa pa mkhalapakati isanazengedwe. Koma lonjezo lapakamwa musalilandirenso. Mulemberane chikalata chachifupi chimene dayilekitala asaine ndi kudinda: sukulu ikuvomera kuti ili ndi ngongole ya K2,500,000, ilipira K1,000,000 pa 17 Malichi, K750,000 pa 30 Epulo ndi K750,000 pa 31 Meyi, ndipo gawo limodzi likaphonyeka, yonse yotsala iyenera kulipidwa nthawi yomweyo. Masiku akhale a pa kalendala, osati "sukulu ikatsegulira". Pa chikalata chatsopanochi mukhoza kukambirana chiwongoladzanja cha mlingo woyenera pa gawo lochedwa, chifukwa tsopano akhala akuchivomera ndi siginecha yawo. Gawo loyamba likhale lalikulu ndipo lilowe msanga. Amene akupempha mapulani koma sakufuna kulipira kalikonse pa tsiku loyamba akungogula nthawi.

Samalani ndi ndalama yobwera ndi mawu akuti ndiyo yomaliza. Akatumiza K1,800,000 n'kulemba kuti nkhani yatha, muyankhe molemba tsiku lomwelo kuti mwailandira ngati gawo chabe ndipo K700,000 ikadalipo. Lisiti iliyonse imene mukupereka izionetsa yotsala. Ndipo musasaine pepala lililonse lonena kuti mwakhutira musanaone ndalama pa sitetimenti yanu, chifukwa chithunzi cha lisiti ya kubanki chotumizidwa pa foni si ndalama.

Akuluakulu amati mlandu suwola, koma kukhoti ngongole ya pangano ili ndi nthawi yake. Lamulo limapereka zaka 6 kuchokera pamene ndalamayo inayenera kulipidwa, ndipo zikadutsa wangongole akhoza kukana mlandu pa chifukwa cha nthawi chokha. Kalata yanu yolonjerera siimitsa kuwerenga kumeneku, ngakhale mutalemba khumi. Chimene chimayambitsanso kuwerenga ndi wangongole kulipirako gawo, kapena kuvomera ngongoleyo molemba ndi kusaina, ndipo n'chifukwa china chimene chikalata cha magawo chija chilili chamtengo wapatali. Inu muli kutali ndi zaka 6. Chimene chingakutherani msanga ndi china: wosaina delivale noti akhoza kusiya ntchito, sukulu ikhoza kusintha eni kapena kutsekedwa, ndipo ena amene ili nawo ngongole akhoza kukutsogolerani kwa masherifu.

Choncho pa 18 Malichi, ngati ku akaunti kulibe kanthu ndipo palibe yankho lolembedwa, musalembe kalata ina yotchedwa "chenjezo lomaliza". Wangongole amene walandira machenjezo omaliza awiri amadziwa kuti lachitatu likubwera. Tengani fayilo yanu, kope yosainidwa ija ili pamwamba, mupite nayo kwa loya kapena kwa kalaliki wa khoti amene munafunsa kale uja, mukayambe ndondomeko ya samani. Ngati mwaona kuti mtengo wa mlandu simungaukwanitse pakadali pano, ndi bwino kudziwa zimenezi lero, n'kusintha chiganizo chomaliza cha kalata kuti chinene kuti mupereka nkhaniyi kwa loya wanu, chifukwa chimenecho mungachichitedi pa tsikulo.